Nsalu yasuluka n'kubwerera: ndiwalembere chiyani omwe anandipikulitsa?

"Ndine telala kuno ku Balaka, ndasoka zaka 9. Mu Ogasiti ndinakapikula ku Limbe mipukutu itatu ya nsalu ya maruni, uliwonse mamita 30, pa K5,000 mita imodzi. Wogulitsa ananditsimikizira kuti ndi kotoni wa yunifolomu, sasuluka. Ndinasoka madiresi 36 a ana a sukulu, a kolala yoyera. Mwezi usanathe makolo andibwezera 11. Makolala asanduka pinki, nsalu yatuwa, ndipo diresi lomwe ndinasoka masentimita 90 tsopano ndi 84. Mpukutu umodzi sindinaukhudze, wina watsala mamita 6. Pa foni akuti makolo ndiwo sadziwa kuchapa. Ndalemba kalata yowauza kuti ndi akuba, andibwezere ndalama zanga zonse. Kodi nditumize?"
Mayi telala, Balaka

Pepani kwambiri, mayi. Kalata mwalembayo iikeni kaye m'kabati. Sindikunena kuti mulibe mlandu. Mlandu muli nawo, ndipo mwayi wanu ndi waukulu kuposa wa matelala ambiri omwe amabwera kwa ine atadula nsalu yonse mpaka kachidutswa komaliza. Inu muli ndi mpukutu wathunthu ndiponso mamita 6 omwe sanaonepo madzi. Nsalu imeneyo ndiyo mboni yanu. Makolo angathe kunamiziridwa kuti anathira jiki, koma nsalu yomwe ili pa shelefu yanu palibe angainamizire kanthu.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'chipinda chonyikira utoto pa fakitale ina ya nsalu ndisanayambe kuphunzitsa zosoka, ndipo makalata odandaula ndinawawerenga ochuluka. Kalata yonena kuti "ndinu akuba" inkangoikidwa pambali, chifukwa munalibe choti munthu ayankhe. Kalata yomwe inkatidzutsa pa mpando ndi ija yobwera ndi tizidutswa tiwiri ta nsalu tomata pa pepala, kena kochapa kena kosachapa, pansi pake atalemba manambala. Choncho musanagwire cholembera, patulani sabata imodzi muyese nsaluyo nokha. Sizifuna makina, koma beseni, tepi yanu yoyezera, sopo ndi kansalu koyera.

Tiyambe ndi kubwerera, chifukwa n'kosavuta kumva. Nsalu ikamalukidwa, ulusi wa m'litali umakhala wokokedwa mwamphamvu pa makina. Ikatuluka m'utoto ili yonyowa, amaiumitsa ataikokanso, ndipo imauma ili chitambasukire choncho. Ulusi wa thonje ukadzakumana ndi madzi koyamba umafufuma, n'kubwerera pomwe unayenera kukhala. Nsaluyo sikuti yawonongeka ayi, yangobwerera pa msinkhu wake weniweni. N'chifukwa chake diresi limafupika kwambiri kuposa mmene limapanira: kukokedwa kwakukulu kunali m'litali. Mafakitale osamala amaidutsitsa nsalu pa makina ena omwe amaifinyiratu m'litali isanapite ku sitolo. Njira imeneyi anaitulukira Sanford Cluett ku Amereka cha m'ma 1930, ndipo nsalu yodutsa pamenepo imabwerera pang'ono zedi, osapitirira sentimita imodzi pa mita. Koma makinawo amadya ndalama, komanso amafupikitsa nsalu yomwe ikanagulitsidwa. Fakitale yofuna phindu lamsanga imangolumpha, mwinanso kuikoka nsalu mopitiriza kuti mamita achuluke. Mwa mamita 30 omwe munalipira pa mpukutu, ena anali ongobwereka.

Tengani manambala anu omwewo. Diresi lataya masentimita 6 pa 90, ndiye kuti pafupifupi 7 pa 100 alionse. Pa nsalu ya thonje yolukidwa yopangira zovala, amalonda ambiri amalolera kubwerera kwa 2 kapena 3 pa 100. Kufika pa 7 ndi khalidwe la nsalu yomwe sanaifinyiretu n'komwe. Pa mpukutu wa mamita 30, ndiye kuti mamita awiri amasowa mukangoinyika.

Pano ndikuuzeni mawu omwe mwina simuwakonda. Pa nkhani ya kubwererayi, wogulitsa adzakufunsani kuti, "Bwanji simunainyike musanadule?" ndipo funsolo lili ndi mano. Telala wa zaka 9 amayembekezeka kudziwa kuti kotoni amabwerera. Inenso zinandionekerapo: ndinasoka malaya a kwaya ya mpingo wina mothamanga chifukwa cha tsiku la chikondwerero, osanyika nsalu, ndipo patatha masabata awiri manja a malaya anali kulekeza pamwamba pa wotchi. Ndinasokanso ndi ndalama za m'thumba mwanga. Choncho m'kalata yanu kubwerera kukhalemo, ndi manambala ake, koma musaike mwendo wanu wonse pamenepo. Pomwe muli ndi mphamvu zenizeni ndi pa utoto, chifukwa pamenepo ndi pomwe anakulonjezani ndi pakamwa pawo, ndipo kunyika nsalu musanadule sikuchiza utoto woipa.

Mawu oti "yasuluka" timawagwiritsa ntchito pa matenda angapo osiyana, ndipo aliyense ali ndi mwini wake. Madiresi 11 abwezedwawo akhoza kukuuzani zambiri mukawayang'ana modekha. Tengani limodzi, musomole mpendero pang'ono ndi kuona mtundu wa nsalu yomwe inapindidwira m'kati. Kenako litembenuzeni muone kunsi kwake.

Ngati m'kati mwa mpendero mukadali maruni wakuda bwino, kunsi kwa diresi kulinso bwino, koma mapewa ndi msana zatuwa, limenelo ndi dzuwa. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa, ndipo yunifolomu yoyanikidwa pa chingwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo imalawa ndithu. Komabe nsalu yogulitsidwa ngati ya yunifolomu siyenera kugonja kwa dzuwa mwezi umodzi usanathe. Ngati mukuona madontho kapena zigamba zoyera, kapena zofiirira ngati lalanje, zokhala ndi malire ooneka, ameneyo ndi jiki, ndipo diresi limenelo lichotseni pa mulu wa umboni wanu. Musalibise, ingolipatulani, chifukwa wogulitsa akalipeza yekha pakati pa enawo adzati onse anatero. Ngati mtundu wachoka m'misoko, m'mphepete mwa matumba, kumatako ndi m'mizere momwe nsalu imapindika, koma pena ponse pali bwino, ndiye kuti utotowo ndi uja wongomatidwa pamwamba pa nsalu ndi guluu wake. Utoto wa mtundu umenewu umafunika kuwotchedwa ku fakitale pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 150 kuti guluuyo agwire. Akaufulumizitsa, umanyotsoka ndi kupukusa, makamaka kwa ochapa popuntha pa mwala.

Koma kolala yoyera yosanduka pinki ikuloza kwina. Utoto unatuluka m'nsalu, unayenda m'madzi, n'kukalowa m'kolala. Dzuwa silichita zimenezo, ndipo jiki sapaka nsalu yoyera mtundu, amachita kuuchotsa. Iyi ndi mfundo yamphamvu kwambiri yomwe muli nayo poyankha zoti makolo sadziwa kuchapa.

Utoto wotuluka m'madzi nawonso uli pawiri. Nsalu zambiri za thonje masiku ano zimanyikidwa mu utoto womwe umalumikizana ndi ulusi weniweniwo mothandizidwa ndi soda. Ukagwira, wagwira. Koma nthawi zonse pamakhala gawo lina lomwe silinagwire, longokhala pa ulusi, ndipo fakitale imayenera kulichapa ndi madzi otentha ndi sopo kangapo konse. Kuchapa kumeneku kumadya madzi, nthunzi ndi nthawi, choncho ndi pomwe anthu amakonda kudulira njira, makamaka pa mitundu yakuda monga maruni, buluu wakuda ndi bulaki, yomwe imamwa utoto wambiri. Nsalu yotere imachucha kwambiri pa kuchapa koyamba ndi kwachiwiri, kenako madzi amayera, ndipo mtundu wa nsaluyo susintha kwenikweni. Vuto ndi la ku fakitale ndithu, koma nsaluyo ingathe kupulumuka.

Mtundu wachiwiri ndi utoto wotchipa womwe sulumikizana ndi ulusi, umangokangamira. Umaoneka bwino pa shelefu, koma kuchapa kulikonse kumachotsako pang'ono, ndipo madzi ofunda ndi sopo wa ufa zimaufulumizitsa. Madzi sayera ngakhale pa kuchapa kwachisanu, ndipo nsalu imanka nituwa. Poti inu mukuti makolala asintha komanso nsalu yatuwa pa mwezi umodzi, mtima wanga ukukayikira mtundu umenewu. Nsalu yotere ingakhale ya makatani a m'chipinda kapena ya m'kati mwa zikwama, koma si ya chovala cha mwana chochapidwa kawiri pa sabata. Yunifolomu yabwino ya thonje imanyikidwa mu utoto wina wokwera mtengo womwe umalowa m'kati mwa ulusi n'kuuma momwemo, osasungunukanso m'madzi. Ndi chifukwa cha utoto umenewu mumaona ma ovolosi akung'ambika mtundu ukadalipo.

Anzanu ena akuuzani kuti munyike nsaluyo m'madzi a mchere kapena a viniga kuti utoto ugwire. Musataye mchere wanu. Mchere umagwira ntchito m'thanki ya utoto, pokankhira utotowo ku ulusi pa nthawi yonyika, osati pambuyo pake. Viniga amathandiza pa ubweya ndi silika, osati pa thonje. Anthu amaona ngati zathandiza chifukwa choti kunyikako kwachotsa utoto wapamwamba, zomwe madzi okha akanachita.

Tsopano kuyesa kwenikweni. Mpukutu wathunthu uja musaudule ngakhale pang'ono, ndipo kapepala ka fakitale kapena nambala iliyonse yolembedwa pa pulasitiki kapena pa chubu chake muisunge ndi kuijambula. Zoyesa zonse zichokere pa mamita 6 aja. Dulani zidutswa zitatu, chilichonse masentimita 60 mbali zonse, motalikirako ndi mphepete yolimba ija ya ku fakitale, chifukwa m'mphepete nsalu imakokedwa mosiyana ndi pakati. Dulaninso mita imodzi yathunthu muipinde, muisunge m'pepala. Imeneyo ndi yoti wogulitsa kapena wina aliyense adzayese yekha.

Chidutswa choyamba chiikeni mu envelopu m'kabati, chisaone dzuwa kapena madzi. Chimenecho ndicho muyezo wofananizira. Pa chachiwiri, chiyaleni pa tebulo osachikoka, mulembe ndi bolopeni mizere iwiri yotalikirana masentimita 50 m'litali, ndi ina iwiri yotalikirana masentimita 50 m'lifupi. Ikani kachizindikiro kosonyeza mbali ya m'litali, chifukwa mukachapa mudzasokonezeka. Sokererani pakona kansalu koyera, makamaka ka nsalu yomweyo munasokera makolala. Chapani ngati mmene mayi wosamala angachapire: madzi ofunda pang'ono oti dzanja likhalamo bwinobwino, sopo wamba, popanda jiki, kunyika theka la ola, kufikisa ndi manja, kutsukuluza, kuyanika pa mthunzi mochiyala. Madzi oyambawo thiraniko m'botolo loonekera m'kati, mulembepo 1. Chikauma, yezani pakati pa mizere ija musanasite, mulembe. Bwerezani mpaka kasanu, botolo lililonse ndi nambala yake. Mukawandandalika mabotolo asanuwo pa zenera n'kuwajambula, chithunzi chimodzi chimenecho chidzanena ngati utoto unaleka kutuluka kapena ayi.

Kuwerengera kwake n'kophweka. Pa masentimita 50, sentimita iliyonse yotayika ndi 2 pa 100. Mukapeza 46.5, mwataya 3.5, ndiye 7 pa 100, zomwe zingagwirizane ndi diresi lija. Onaninso ngati kubwereraku kwaima. Kawirikawiri gawo lalikulu limachitika pa kuchapa koyamba, ndipo pofika kachitatu nsalu imakhazikika.

Chidutswa chachitatu ndi cha dzuwa. Phimbani theka lake ndi katoni, mupanikize ndi mapegi, muchiike pa dzuwa tsiku lililonse kwa sabata, osachinyowetsa. Mukachotsa katoni n'kupeza mzere woonekera patali, lembani zimenezo. Pa mpukutu wathunthu uja mungayese chinthu chimodzi chosauwononga: kulungani kansalu koyera pa chala, mupukuse kumapeto kwa nsaluyo kakhumi uku ndi uku, kenako mubwereze ndi kansalu kena konyowa. Konyowa kamatenga mtundu pang'ono pa nsalu zakuda zambiri, ngakhale zabwino. Koma kouma kakafiira, palibe angakane. Izi zikuthandizani kusonyeza kuti mpukutu wachitatu uli ndi nthenda yomweyo, popeza mipukutu yogulidwa tsiku limodzi nthawi zina imachokera m'mathanki osiyana.

Chomaliza, tsimikizani ngati ndi kotoni n'komwe. Sololani ulusi pang'ono wa m'litali ndi wina wopingasa, muwotche uliwonse paokha ndi machesi, pa mbale yachitsulo. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesita amakhwinyata pothawa moto, amasungunuka, n'kusiya kamkanda kolimba kakuda. Mukapeza zonse ziwiri, ndi nsalu yosakaniza, ndipo pamenepo muli ndi dandaulo lina: anakugulitsani chomwe sanatchule. Ingodziwani kuti visikosi, mtundu wina wa nsalu, amayaka ngati thonje, choncho moto sungawasiyanitse. Iye amadziwika ndi kufewa koterera, kufooka akanyowa, ndipo pa kubwerera amaposa thonje.

Zotsatira zikakhala m'manja, kalata imadzilemba yokha. Ikhale ya tsamba limodzi. Ipite kwa mwini sitolo kapena manijala, osati kwa mnyamata wa pa kauntala yemwe munalankhula naye pa foni, chifukwa iye alibe mphamvu yobweza ndalama ndipo ntchito yake ndi kukubwezani inuyo. Nayi mmene ndikanailembera ine. Manambala a zoyesa ndangoyerekeza, inu muikemo anu enieni, ngakhale atatuluka ochepa kuposa awa.

Kwa a Manijala,

DANDAULO PA NSALU YA MARUNI YOMWE NDINAGULA PA (tsiku), LISITI NAMBALA (nambala)

Pa tsiku latchulidwali ndinagula m'sitolo yanu mipukutu itatu ya nsalu ya maruni, mamita 90 onse pamodzi, pa mtengo wa K450,000. Ndinafotokoza kuti ndikukasoka yunifolomu ya ana a sukulu, ndipo wogulitsa wanu ananditsimikizira kuti nsaluyo ndi kotoni wa yunifolomu ndipo sisuluka.

Ndinasoka madiresi 36. Pasanathe mwezi, 11 abwezedwa chifukwa utoto walowa m'makolala oyera, nsalu yatuwa, ndipo madiresi afupika.

Pofuna kudziwa ngati vuto ndi kachapidwe ka makolo, ndinayesa ndekha nsalu yotsala yomwe inali isanachapidwepo. Ndinaichapa kasanu m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamba, popanda jiki, ndi kuyanika pa mthunzi. Utoto unatuluka maulendo onse asanu ndipo kansalu koyera komwe ndinasokererapo kasanduka pinki. Masentimita 50 a m'litali abwerera kufika pa 46.5. Ndamata pa kalatayi chidutswa chochapa ndi chosachapa, pamodzi ndi zithunzi. Ndasunganso mita imodzi yosachapa kuti muyese nokha, ine ndilipo, tsiku lomwe mungasankhe.

Ndikupempha izi: mulandire mpukutu umodzi womwe sindinaudule ndi kundibwezera K150,000, mundibwezere K82,500 ya mamita 16.5 omwe analowa m'madiresi 11. Ndiponso K44,000 ya ntchito yosokanso madiresiwo. Zonse pamodzi ndi K276,500. Madiresi ena 25 akadali kwa makolo, ndipo ena akabwezedwa pa chifukwa chomwechi ndidzakudziwitsani.

Ndakhala ndikugula kwa inu ndipo ndikufuna kupitiriza. Chonde ndiyankheni molemba pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mwalandira kalatayi.

Ine kasitomala wanu,
(dzina, siginecha ndi nambala ya foni)

Ndawerengera mita imodzi ndi theka pa diresi, ndi K4,000 ya msoko pa lililonse. Konzani molingana ndi mitengo yanu.

Mwaona kuti sindinapemphe K450,000 yonse. Chifukwa chake n'chakuti madiresi 25 akuvalidwa ndipo ndalama zake munalandira. Mukapempha zonse, mwapatsa wogulitsa poyambira kukutsutsani, ndipo mkangano udzachoka pa utoto n'kupita pa dyera. Mwaonanso kuti mulibe mawu oti akuba, kapena oti mudzawayalutsa pa Fesibuku. Munthu wopikulitsa nthawi zambiri sanyika nsalu yekha. Amaitanitsa kunja kapena kugula kwa wina wamkulu, ndipo n'kutheka kuti naye sakudziwa chomwe chili m'mipukutu yake. Kalata yanu yokhala ndi zidutswa ndi nambala ya mpukutu ndi chida chomwe iyenso angapite nacho kwa yemwe anamugulitsa. Mukamutukwana, mwamutsekera njira imeneyo, ndipo kutchula munthu wakuba pagulu kungakubweretsereni mlandu wina wonyoza mbiri yake pamwamba pa vuto muli naloli.

Chiganizo chonena kuti munafotokoza ntchito ya nsaluyo musachisiye, chifukwa ndi chomwe chili ndi kulemera pa malamulo. Lamulo la kugulitsa katundu la dziko lino, Sale of Goods Act, limati wogula akamuuza wogulitsa ntchito yomwe akufunira katundu, n'kudalira luso la wogulitsayo, katunduyo ayenera kukhala woyenera ntchito imeneyo. Katundu wogulitsidwa pomutchula kuti ndi wakutiwakuti ayeneranso kukhaladi chomwecho. Koma lamulo lomwelo lili ndi mbali ina yokuthinani: mukagwiritsa ntchito katundu ngati wanu, monga kudula nsalu, kapena mukakhala naye nthawi yaitali osanena kanthu, mumatengedwa kuti mwamuvomera, ndipo chotsala ndi kupempha chipukuta misozi, osati kubweza katundu. Apa ndiye chifukwa chake ndikuti musachedwe. Lero lomwe tumizani uthenga waufupi pa foni wonena kuti nsalu ya lisiti yakuti ili ndi vuto, mpukutu umodzi mwauimika, ndipo kalata ikubwera. Uthengawo musaufufute. Ngati pogula munali ndi mnzanu yemwe anamva lonjezo lija, lembani dzina lake penapake, poti lonjezo la pakamwa limavuta kutsimikiza.

Mwina pa lisiti yanu pali mawu aja oti katundu akagulidwa sabwezedwa. Asakufooketseni kulemba. Mawu amenewo amagwira bwino pa munthu yemwe wangosintha maganizo pa mtundu, koma pa chilema chobisika chomwe sichikanaoneka pa kauntala, nkhani imakhala yoti ikambidwe, ndipo ogulitsa ambiri amadziwa zimenezo.

Kalatayo kaperekeni pamanja. Ulendo wa ku Limbe uli ndi mtengo wake, koma pitani ndi makope awiri, asayine ndi kudinda pa yanu, ndi tsiku lomwe alandira. Tengani madiresi awiri kapena atatu owonongeka kwambiri kuti awaone, koma musawasiye. Mpukutu musausiyenso popanda pepala losonyeza kuti aulandira. Ndaonapo telala atasiya nsalu "kuti abwana aione", pobwera n'kupeza yagulitsidwa kwa wina ndipo palibe akukumbuka.

Pa zomwe mungayembekezere, kubweza mpukutu wosadula ndiye kumatheka kawirikawiri, ngakhale ambiri amakonda kukusinthirani ndi nsalu ina m'malo motulutsa ndalama. Ngati mwavomera kusintha, musanyamule mpukutu watsopano musanayese. Pemphani theka la mita, kapena pukusani ndi kansalu konyowa pomwepo iwo akuona. Ndalama ya nsalu yomwe munadula kale amakonda kugawana nanu pakati. Ya msoko ndiyo imavuta, ndipo apa ndi pomwe funso lija la kunyika musanadule lidzatulukire. Mukhale mutaganiziratu pomwe mungalekezere. Ine ndikanakhala inu, atandibwezera K150,000 ndi kundipatsa nsalu yabwino yokwanira madiresi 11, ndikanalandira, ya msoko n'kuiwerengera ngati sukulu.

Masiku 14 akatha ali chete, lembani kalata yachiwiri yaifupi yotchula yoyambayo ndi kunena komwe mukupita nayo nkhaniyi. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo okhudza malonda osocheretsa, monga kunenera katundu zomwe sali. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo loona za miyezo ya katundu, ndipo ngati wogulitsa akukana zoyesa zanu kuti n'za m'beseni, kafunseni kumeneko za kuyezetsa mita munasunga ija ndi mtengo wake. Oyeza nsalu amapereka maliki kuyambira 1 mpaka 5 pa kusuluka ndi pa kudetsa nsalu yoyera, 5 kutanthauza kuti palibe chasintha. Nsalu ya yunifolomu imayenera kukhala cha pa 4, ndipo ikapeza 2 mkangano watha. Khoti la majisitireti limamvanso milandu ya ndalama ngati imeneyi. Musanafike kumeneko, kambiranani ndi munthu wodziwa malamulo, muwerengere limodzi ngati maulendo ndi masiku otseka shopu sangadye ndalama yoposa yomwe mukulondola.

Pakadali pano makolo aja ndiwo akudikira, ndipo iwo sadziwa za ku Limbe, amadziwa inu. Pitani kwa a hedi kapena a komiti ya sukulu musanaitanidwe, muwaonetse mabotolo aja, muwauze kuti madiresi 11 muwakonza. Omwe angofupika, ngati munasiya mpendero wokwanira, atsitseni, ngakhale mzere wa mpendero wakale udzaoneka pa nsalu yotuwa. Kwa makolo 25 enawo tumizani uthenga woti azichapa diresilo palokha, m'madzi ozizira, osalinyika nthawi yaitali, osalisiya lonyowa litaunjikana m'beseni pomwe kolala ikugundana ndi nsalu yofiira, ndipo aziyanika molitembenuza pa mthunzi. Zimenezi sizichiza utoto, koma zichedwetsa.

Zoyesa zanu zikasonyeza kuti madzi anayera pofika kuchapa kwachitatu ndipo chidutswa chochapa sichikusiyana kwenikweni ndi cha mu envelopu, nkhani yasintha pang'ono. Pamenepo mungasankhe kusunga mpukutu wachitatu pa mtengo wotsitsidwa, kuuchapa wonse katatu musanadule, ndi kuwerengera kuti mamita 30 atsala pafupifupi 28. M'kalata, m'malo mobweza mpukutu, mupemphe kuchotseredwa mtengo wa mamita awiri otayikawo ndi wa ntchito yochapa. Makolala atsopano musoke ndi poliyesita woyera, yemwe satenga msanga utoto wa thonje woyandama m'madzi, ndipo nayenso muyambe mwamuyesa m'beseni limodzi ndi kachidutswa ka maruni musanasoke diresi loyamba.